Chifuwa Chosatha Pamene Makhololo Akana Chifuwa Chachikulu

Pali uthenga umene wodwala amaulandira ndi chimwemwe pa chipatala chaching'ono, umenenso sing'anga amaupereka ndi mtima wopepuka, ndiwo wonena kuti makhololo ayesedwa ndipo tizirombo ta chifuwa chachikulu sitinapezeke. Komatu munthu yemweyo, atayamika Mulungu ndi kutsanzikana ndi namwino, amabwerera kwawo akutsokomola monga momwe anadzera, amachezera usiku ali khale pa mkeka, ndipo pakutha pa mwezi amapezekanso pa mzere womwewo, m'manja muli buku lake la kuchipatala limene masamba ake adzaza ndi mayina a mankhwala amodzimodzi. Popeza dziko lathu lazunzika zaka zambiri ndi chifuwa chachikulu, zipatala zathu zinaphunzira bwino kuchisaka, ndipo zinachita bwino potero. Koma nzeru yofunafuna chimene chatsala, pamene mdani wamkuluyo sanapezeke, sinakule mofanana. Chimene ndifuna kuonetsa ndi ichi: ntchito yotsalayo ili ndi dongosolo lake, mbali yaikulu ya dongosololo imatheka ndi mafunso, maso, sikelo ndi chithunzi chimodzi cha m'chifuwa, ndipo chimene chimaiononga kawirikawiri ndi kupereka mankhwala ambiri nthawi imodzi popanda kupangana tsiku lobwerera.

Tiyambe ndi kuwerenga masabata, pakuti nthawi ndiyo imasiyanitsa chifuwa china ndi chinzake. Chifuwa chosapitirira masabata 3 nthawi zambiri chimadza ndi chimfine ndipo chimapita nacho. Cha masabata 3 kufikira 8 kawirikawiri ndi mkwiyo wotsala m'njira za mpweya chimfine chitatha, kapena chifuwa chokoka mtima, chimene ambiri amayesa kuti ndi cha ana okha koma chimagwiranso akulu, ndi kuwatsokomoletsa motsatizana mpaka kusanza. Zifuwa zoterezi zimazilala zokha, ndipo chizindikiro chake ndi chakuti sabata iliyonse imapepukako kuposa inzake. Chimene asing'anga amachitcha chifuwa chokhalitsa mwa munthu wamkulu ndi chopitirira masabata 8. Malire amenewa asasokonezedwe ndi masabata 2 amene timayesera makhololo, chifukwa awiriwo ndi oyambira kusaka chifuwa chachikulu, pamene asanu ndi atatuwo ndi otiuza kuti chifuwa ichi sichidzachoka chokha ndipo chiyenera kupatsidwa dzina.

Koma tisanapite patali, tifunse kuti kukana kwa makhololo kuja n'kolimba motani. Makina oonera zing'onozing'ono amaona tizirombo pokhapokha tili zikwi zingapo m'kadontho ka makhololo kokwana mililita imodzi, kotero kuti odwala ambiri amawapulumuka. Makina a Jiniekisipati, amene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse linawavomereza mu 2010, ali ndi maso akuthwa koposa, komabe nawonso amaphonya ena, makamaka pamene wodwala walavula malovu m'malo mwa makhololo ochokera pansi pa chifuwa, kapena pamene chitetezo cha m'thupi chatsika kwambiri chifukwa cha kachirombo koyambitsa Edzi, pakuti mapapo a munthu wotere sabooka mapanga otulutsa tizirombo tambiri. Chifukwa chake sing'anga wanzeru amati chifuwa chachikulu chachotsedwa pokhapokha makhololo abwino ayesedwa, chithunzi cha ekisire chaoneka choyera, magazi ayesedwa za kachirombo, ndipo sikelo yasonyeza kuti thupi silikutsika. Ngakhale pamenepo amasiya chitseko chotsekuka, nayesanso makhololo ngati pakutha pa mwezi wodwala wayamba kutentha thupi, kutuluka thukuta usiku kapena kuonda. Pa nyengo yodikirayi apewe sipurofulokisasini ndi abale ake onga levofulokisasini, chifukwa mankhwala amenewa amafooketsa tizirombo ta chifuwa chachikulu popanda kutimaliza: wodwala amapezako bwino masabata angapo, makhololo amakana, ndipo nthendayo imabwerera itachedwa kudziwika.

Alipo odwala amene sayenera kuyesedwa mankhwala pa chipatala chaching'ono ngakhale sabata imodzi, koma atumizidwe ku chipatala cha boma. Wotsokomola magazi, woonda popanda chifukwa, wosasa mawu kwa masabata atatu kapena kuposera, wotupa mwanabere wolimba pamwamba pa fupa la m'khosi, wa nsonga za zala zotupa ndi zikhadabo zopindika, wopuma koposa ka 30 pa mphindi, kapena amene kachipangizo kopanira chala kasonyeza mpweya wa m'magazi wosakwana 90 pa 100, onsewa ali ndi nthenda yofuna maso ena. Ndionjezepo chizindikiro chimodzi chimene mabuku a kutsidya kwa nyanja sachikweza pamwamba koma kwathu kuno n'chachikulu, ndicho kutsokomola pomeza, nsima ikuima pammero. Khansa ya kummero ndi yochuluka m'Malawi kuposa m'maiko ambiri a dziko lapansi, ndipo nthawi zina imadzionetsa poyamba ndi chakudya cholowerera m'njira ya mpweya. Kwa amene ali ndi kachirombo koyambitsa Edzi, sing'anga atsekule pakamwa pa wodwala ndi kuunika m'kamwa kumwamba, ayang'anenso miyendo, pakuti zigamba zofiirira za khansa ya Kaposi zikaoneka pamenepo zimatha kukhalanso m'mapapo. Ndipo chifuwa chouma chodza ndi befu womakulirakulira, munthu akayenda pang'ono mpweya wa m'magazi n'kutsika, chimaloza ku mtundu wina wa chibayo umene umagwira a chitetezo chotsika, umene umafuna bakitirimu wa mlingo waukulu kwa masiku 21 pansi pa maso a dotolo.

Mu 1981 dotolo wa ku Amereka, Richard Irwin, pamodzi ndi anzake, anaonetsa kuti zifuwa zokhalitsa zambiri zimachokera ku zinthu zitatu, ndizo mphumu, mamina otsikira kummero kuchokera kumbuyo kwa mphuno, ndi zowawasa za m'mimba zokwera kummero. Ndipo chiphunzitso chimenechi chinalowa m'mabuku a asing'anga kulikonse. N'choona ndithu, koma chili ndi malire amene ophunzira ambiri amawadumpha: chimanena za munthu wosasuta fodya, wosamwa mankhwala otsokomoletsa, wa chitetezo chabwino, ndiponso wa chithunzi cha mapapo choyera. Munthu wa ku Ntcheu kapena ku Chipata amene anaphikira pa mafuwa zaka makumi anayi, kapena anamwapo mankhwala a chifuwa chachikulu miyezi 6, kapena anakumba golide ku Joni, sali m'gulu limenelo kufikira sing'anga atatsimikiza kuti alimo. Motero kwathu zitatu zija zimadza pambuyo, ndipo patsogolo pamadza mafunso anayi: Kodi mukumwa mankhwala anji? Kodi munadwalapo chifuwa chachikulu? Kodi mwapuma utsi wanji ndi fumbi lanji m'moyo wanu? Kodi mumatha kugona chagada usiku? Akale anati safunsa anadya phula, ndipo m'chipinda cha sing'anga phulalo amadya ndi wodwala.

Funso loyamba ndilo lotsika mtengo kopambana, ndipo yankho lake lili m'buku la wodwala. Mwa mankhwala othandiza kuthamanga kwa magazi muli banja la enalapirilo, kaputopirilo ndi lisinopirilo, amene pogwira ntchito yawo yabwino amaletsanso thupi kuphwanya chinthu chotchedwa buradikinini, ndipo ichi chikaunjikana m'njira za mpweya chimanyerenyetsa mitsempha yoyambitsa kutsokomola. Pafupifupi mmodzi mwa anthu khumi omwa mankhwalawa amatsokomola, akazi koposa amuna. Chifuwa chake n'chouma, chokanda pakhosi, chosamva mankhwala alionse a chifuwa. Chimasokeretsa asing'anga pa zifukwa ziwiri. Sichiyamba nthawi zonse m'masiku oyamba, chimatha kudza munthu atamwa miyezi ingapo, kotero kuti wodwala ndi sing'anga onse sazilumikiza; ndiponso sichichoka tsiku losiyira mankhwala, chimatenga sabata imodzi kufikira masabata 4, mwa ena mpaka miyezi 3. Kusintha enalapirilo ndi kupereka kaputopirilo n'kosathandiza, popeza ndi a banja limodzi. Oyenera kulowa m'malo ndi amulodipini, kapena losatani kwa wodwala shuga, impso kapena mtima wofooka. Ndipo wodwala auzidwe momveka kuti asaleke yekha mankhwala popanda olowa m'malo, chifukwa kuthamanga kwa magazi kosagwiridwa kumafoola ziwalo, pamene chifuwa ichi sichipha munthu.

Funso lachiwiri limatifikitsa pa nkhani imene yanyalanyazidwa nthawi yaitali. Munthu akamaliza mankhwala a chifuwa chachikulu amalembedwa m'kaundula kuti wachira, ndipo n'zoona kuti tizirombo tafa. Koma mapapo amene tizirombo tinadya sabwerera mwakale. Ofufuza a pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre, m'lipoti lawo la mu 2020, anatsata akulu 405 amene anamaliza mankhwala, napeza kuti pa tsiku lomaliza oposa theka anali adakali ndi madandaulo a m'chifuwa, mmodzi mwa atatu anali ndi mapapo osagwira ntchito mokwanira poyesedwa, ndipo oposa 40 pa 100 anali ndi njira za mpweya zofutukuka ndi kuonongeka. Njira zoterezi sizithanso kukankha makhololo kuti atuluke. Makhololo amadikha, tizirombo wamba timaswana m'menemo, ndipo munthu amalavula makhololo ambiri tsiku ndi tsiku, makamaka m'mawa podzuka, nthawi zina obiriwira, nthawi zina a timizere ta magazi.

Cholakwa chofala ndi kumuyambitsanso munthu wotere mankhwala a chifuwa chachikulu kachiwiri ndi kachitatu chifukwa chithunzi chake chili ndi zipsera. Ngakhale Jiniekisipati amatha kunamiza pano, pakuti amazindikira zotsalira za tizirombo takufa, ndipo amatha kuvomera mwa munthu amene anachira miyezi kapena zaka zingapo zapitazo. Chotero pamafunika kuyerekeza chithunzi chatsopano ndi chakale, kuona sikelo, ndi kutumiza makhololo kuti akameretsedwe. Chithandizo chenicheni chili m'manja mwa wodwala mwini, ndipo chiyenera kuphunzitsidwa mofatsa: kawiri pa tsiku, m'mimba mulibe chakudya, agone cham'mbali, mbali yoonongeka ili pamwamba, apume mozama katatu kapena kanayi, kenaka atulutse mpweya mwamphamvu pakamwa pali yasa, abwereze chotero kwa mphindi 10 kapena 15 kufikira makhololo atakwera okha, amwe madzi okwanira, ndipo ayende tsiku lililonse. Mankhwala opha tizirombo, onga amokisilini kapena dokisisaikilini, ndi a nthawi yokhayo imene makhololo achuluka, asintha mtundu ndipo befu wakula, ndipo pamenepo amwedwe masiku 10 kufikira 14. Akatsokomola magazi mobwerezabwereza ndi kumaonda makhololo akukanabe, sing'anga akumbukire kuti m'phanga losiyidwa ndi chifuwa chachikulu mumatha kumera chuku chotchedwa asipejilasi, chimene mankhwala a chifuwa chachikulu sachikhudza konse, ndipo chimafuna itirakonazolo kwa miyezi 6 kapena kuposera, ku chipatala chachikulu.

Za funso lachitatu, la utsi ndi fumbi, ndinena mwachidule, ngakhale odwala ake ndi ambiri. Wosuta ndudu kapena chingambwe akaleka, chifuwa chimayamba kupepuka m'mwezi woyamba, ndipo palibe mankhwala olowa m'malo mwa kulekako. Koma chifuwa cha wosuta wa zaka zoposa 40 chikasintha kamvekedwe kake, ajambulidwe, kuopa khansa ya m'mapapo. Mayi wophika ndi nkhuni m'khitchini yopanda zenera, wootcha makala, wosonkhezera moto m'balani ya fodya, onsewa njira zawo za mpweya zimatha kuchepa kosabwerera, ndipo chowathandiza choyamba ndi kuphikira panja, nkhuni zouma, ndi kutalikira utsi. Bambo wachikulire afunsidwe ngati anapita ku Wenela kapena ku Teba, ndipo wachinyamata ngati amaswa miyala kapena kukumba m'migodi ing'onoing'ono, chifukwa fumbi la mwala limaumitsa mapapo patapita zaka khumi kapena makumi awiri, ngakhale munthu atasiya ntchito, chithunzi chake chimafanana ndi cha chifuwa chachikulu, ndipo mapapo oterewa amagwidwanso ndi chifuwa chachikulucho mosavuta, kotero kuti makhololo awo ayenera kuyesedwa mobwereza. Kulemba dzina la nthendayi m'buku kuli ndi phindu linanso: bungwe la Tshiamiso ku South Africa limapereka chipukutamisozi kwa amene anadwala chotero atagwira ntchito m'migodi ina ya golide pakati pa 1965 ndi 2019.

Funso lachinayi likusaka mtima. Mtima ukafooka, kaya chifukwa cha kuthamanga kwa magazi kwa zaka zambiri, kaya chifukwa cha zitseko zake zoonongeka ndi nthenda ya paubwana yoyamba ndi zilonda za pakhosi, kaya mwa mayi amene wangobereka kumene, madzi amabwerera m'mapapo. Munthu amatsokomola akagona pansi, amadzuka pakati pa usiku akubanika, amasanjikiza mitsamiro, ndipo mapazi amatupa. Wotere mankhwala a chifuwa samuthandiza; afunika okodzetsa monga furusemaidi, ndi kukaunikidwa mtima.

Mafunso anayi aja akapanda kubala kanthu, ndipo chithunzi chikakhala choyera, pamenepo tafika pa zitatu za m'mabuku, ndipo mwa izo chachikulu ndi mphumu. Anthu amaidziwa mphumu ya kulira kwa m'chifuwa ndi kubanika, koma ilipo ina imene chizindikiro chake chokha ndi kutsokomola, kodza m'bandakucha, kapena m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye, kapena posesa, poseka, pothamanga ndi popuntha chimanga. Masana pa chipatala, sing'anga akamvetsera m'chifuwa, mumakhala zii. Poyesa pali kachipangizo kouziramo mwamphamvu, koyesa liwiro la mpweya wotuluka. Wodwala amauzira katatu ndipo chiwerengero chachikulu chimalembedwa. Amapopera salubutamo kanayi, nadikira mphindi 15, nauziranso. Chiwerengero chikakwera ndi 20 pa 100 kapena kuposera, mphumu yadziulula. Chikapanda kukwera mphumu sinakanidwebe, popeza imabwera ndi kupita, ndipo njira yotsala ndi kuyesa mankhwala. Pano ndi pamene ambiri amaphonya, chifukwa salubutamo amangotsekula njira kwa maola ochepa, pamene ochiza kutupa kwa m'kati mwa njirazo ndi bekulometazoni, wopopera m'mawa ndi madzulo tsiku lililonse, chifuwa chilipo kapena palibe, kwa masabata 4 asanaweruzidwe.

Kapoperedwe kake n'kofunika ngati mankhwala omwe. Wodwala wongopatsidwa kampope popanda kuonetsedwa amapopera pa lilime ndi kumeza, ndipo amabwera kudzanena kuti sakuthandiza. Madotolo a ku Cape Town anaonetsa mu 1999, poyesa ana odwala mphumu, kuti botolo la pulasitiki la mamililita 500, lobooledwa pansi kuti kampope kalowe mothina, limafikitsa mankhwala m'mapapo mofanana ndi chipangizo chogula, ndipo akulu nawonso limawathandiza: munthu amagwedeza kampope, amapopera kamodzi m'botolo, napuma kanayi kapena kasanu kukamwa kwa botolo, kenaka n'kubwereza, akamaliza achukuche m'kamwa ndi kulavula, kuopa zoyera zomera pa lilime ndi kusasa mawu. Sing'anga ayang'anenso m'buku ngati mulibe puropuranololo kapena atenololo, amene amathinitsa njira za mpweya, kapena asipirini ndi burufeni, amene mwa ena amautsa mphumu.

Ziwiri zotsalazo sizifuna mawu ambiri. Wa mphuno zotsekeka, woyetsemula, womva mamina akutsikira kummero ndi kumakonza pakhosi kosalekeza, atsuke m'mphuno ndi madzi owiritsa othira mchere pang'ono, apopere mankhwala a m'mphuno ngati alipo, kapena amwe piritoni wa mamiligalamu 4 pogona kwa masabata 2 kufikira 4, podziwa kuti amagonetsa, ndi kuti amavutitsa kukodza mwa abambo achikulire. Wa chilungulira, amene zowawasa zimamukwera akadya kapena akawerama, aleke kudya kutatsala maola 3 kuti agone, akweze kumutu kwa bedi ndi njerwa, achepetse thupi ngati ndi wonenepa, ndipo amwe omepurazolo kwa masabata 8. Koma kupereka omepurazolo kwa wotsokomola aliyense wopanda chilungulira ndi chizolowezi chimene kafukufuku sanachivomereze, ndipo kwa amene akumwa atazanavira, mwa mankhwala otalikitsa moyo, omepurazolo amafooketsa mphamvu yake.

Tiyerekeze tsono mayi wa zaka 54, mlimi, amene watsokomola miyezi 5. Makhololo ake ayesedwa kawiri pa Jiniekisipati ndipo akana, alibe kachirombo, chithunzi chake n'choyera, ndipo wamwa kale amokisilini, bakitirimu ndi mabotolo a mankhwala otsekemera a chifuwa. Sing'anga, m'malo motola cholembera, akutsekula buku kuchokera kumbuyo. Akupeza kuti sikelo inali pa makilogalamu 68 chaka chatha ndipo lero ili pa 68 pomwepo, chimene chikumukhazika mtima pansi; akupezanso kuti miyezi 8 yapitayo mayiyu anayambitsidwa enalapirilo. Akufunsa kuti, “Mayi, chifuwachi chimakuvutani nthawi yanji?” Iwo akuti, “Masana chimangokanda pakhosi, adokotala, koma tambala woyamba akalira ndiye chimandidzutsa.” Sanadwalepo chifuwa chachikulu, sasuta, amaphikira pa khonde, amagona ndi mtsamiro umodzi, mapazi sanatupe. Sing'anga akufunsanso motsitsa mawu ngati mkodzo umatuluka potsokomola, ndipo mayiyo, atayang'ana pansi, akuvomera kuti n'chifukwa chake analeka kupita ku kwaya. Pakuti vuto ili ndi lofala mwa amayi a chifuwa chokhalitsa, koma salinena okha, ndipo mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Pali zokayikitsa ziwiri, enalapirilo ndi mphumu, ndipo popeza mayiyu sakubanika ndipo alibe chizindikiro choopsa, sing'anga akusankha kusintha chinthu chimodzi chokha. Akuchotsa enalapirilo, akulemba amulodipini wa mamiligalamu 5 kamodzi pa tsiku, akupempha mayiyo kuti ayese chifuwa chake pa mlingo wa 0 kufikira 10, iwo akuti 8, ndipo chiwerengerocho chikulembedwa pamodzi ndi tsiku lobwerera, patatha masabata 4. Pa tsikulo kukanda kwa masana kwatha, magazi akuthamanga bwino, sikelo sinasunthe, chifuwa chili pa 4, koma cha m'bandakucha chikadalipo. Pouzira kachipangizo kaja akufika pa malita 280 pa mphindi, ndipo atapopera salubutamo akufika pa 350, kukwera kwa 25 pa 100. Tsopano akupatsidwa bekulometazoni wa mamaikurogalamu 100, kupopera kawiri m'mawa ndi kawiri madzulo kudzera m'botolo, napoperanso pamaso pa namwino kuti aonetse kuti amva. Patatha masabata ena 4 chifuwa chili pa 1 ndipo akugona mpaka kucha. Mankhwalawo apitiriza miyezi 3 asanayambe kuchepetsedwa, ndipo pa chikuto cha buku palembedwa ndi zilembo zazikulu kuti asapatsidwenso enalapirilo kapena abale ake.

Taonani chimene chikadachitika sing'anga akadapereka zonse pa tsiku loyamba, kampope, piritoni, omepurazolo ndi amokisilini winanso, enalapirilo ali pomwepo: chifuwa chikadapepuka pang'ono osatha, palibe akadadziwa chimene chathandiza ndi chimene chalephera, ndipo mayiyo akadatsala ndi mankhwala anayi oti azigula. Taonaninso kuti zoyambitsa zinali ziwiri, monga zimakhalira mwa odwala ambiri, kotero kuti chithandizo chikathandiza mwa theka sichitayidwa, koma chinzake chimaonjezedwa pamwamba pake. Ndikudziwa chimene anganene wogwira ntchito kumudzi, kuti wodwala woyenda mtunda wa makilomita 15 sangabwere mwezi ndi mwezi, ndi kuti mzere wa panja ndi wautali. Ndipo kunena zoona, pamene ulendo uli wovuta chotero, n'kololeka kusintha enalapirilo ndi kuyamba kampope tsiku limodzi, malinga zalembedwa bwino kuti pambuyo pake chimodzi chidzachotsedwe ndi kuona. Chosaloleka ndi kubwereza mankhwala opha tizirombo mwezi ndi mwezi kwa munthu wa chifuwa chouma, wosatentha thupi ndi wa chithunzi choyera, pakuti palibe tizirombo toti aphe, ndipo tizirombo ta m'thupi mwake tikungophunzira kuwapirira.

Alipo otsala amene zonsezi zachitika mokwanira, mlingo wake ndi nthawi yake, koma akutsokomolabe. Ambiri ndi amayi a zaka zapakati, ndipo amanena kuti fungo la sopo, mphepo yozizira, ngakhale kuyankhula kwenikweniko kumawautsa chifuwa. Mwa iwo mitsempha ya pakhosi yasanduka yamantha, yodzidzimuka ndi kanthu kochepa, ndipo kutsokomola komweko kumapweteka pakhosi ndi kuitana kutsokomola kwina. Sing'anga asuzumire m'makutu, chifukwa phula kapena tsitsi lokhudza m'kati mwa khutu mwa anthu ena limatsokomoletsa. Aphunzitse wodwala kumwa madzi pang'onopang'ono, kumeza malovu ndi kupumira m'mphuno pamene chifuwa chikudza, m'malo mokonza pakhosi. Ndipo amutumize ku chipatala chachikulu kumene kuli makina oyesa mphamvu ya mapapo ndi zithunzi zozama, kumenenso madotolo angaganizire mankhwala oziziritsa mitsempha onga gabapentini. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wodwala wotere asauzidwe kuti chifuwa chake n'cha m'maganizo.

Kwa inu amene mwatsokomola masabata oposa 8 ndipo makhololo anu akana, popita ku chipatala tengani buku lanu lakale ndi latsopano, chithunzi chilichonse cha m'chifuwa chimene munajambulidwapo, ndi mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa, a kuthamanga kwa magazi omwe. Nenani ntchito zonse zimene munagwirapo, ngakhale za paunyamata. Ndipo musatuluke m'chipinda cha sing'anga musanamve dzina la nthenda imene akuiganizira, masabata amene muyenera kumwa mankhwalawo, ndi tsiku loti mubwerenso kudzakwera sikelo.